Chitenje chiyambe chaona madzi chisanapite kwa telala

Diresi la chitenje limene linakukhalani bwino tsiku la chinkhoswe, mukangolichapa kamodzi mupeza layining'i ikusuzumira kunsi kwa mpendero. Ambiri amathamangira kunena kuti telala anaba nsalu. Kawirikawiri vuto silikhala la telala ayi. Zangokumana nsalu ziwiri zosiyana khalidwe.

Ulusi wa thonje umakokedwa mwamphamvu pouluka kufakitale, ndipo ukanyowa koyamba umabwerera mwakale. Nsalu yotere imafupika ndi masentimita 3 mpaka 5 pa mita iliyonse. Layining'i nthawi zambiri imakhala ya poliyesita, imene sibwerera ngakhale muichape kangati. Tsono ngati diresi ndi lotalika masentimita 120, chitenje chikhoza kukwera ndi masentimita 4 kapena 6, layining'i n'kutsala pomwepo. M'chiuno namo mumayamba kuthina.

Mankhwala ake ndi osalira ndalama. Mukagula chitenje, chinyikeni m'madzi ozizira kwa mphindi ngati 30, muchitsukuluze, muchiyanike pamthunzi, muchisite, kenaka ndiye mupite nacho kosokesa. Madzi oyambawo amachotsanso sitachi imene imaumitsa chitenje chopyapyala kuti chizioneka cholimba pamsika. Ine sindilola lumo kukhudza nsalu yosachapa, ngakhale ukwati utayandikira chotani.

Za makwinya, dzanja lanu likuuzani muli pakaunjika pomwepo. Fumbatani nsaluyo kwa kanthawi, n'kuitaya. Thonje ndi visikozi zimatsala ndi mizere, poliyesita imadziwongola yokha. Visikozi, ija yofewa yozizira pathupi, imafooka ikanyowa, choncho musamaipotokole pofinya. Poliyesita nayo ili ndi pake: imasunga thukuta m'nyengo yotentha, ndipo simbi yamakala ikapsa kwambiri imaisungunula.

Kusuluka ndiye kumene kumapha zovala zambiri zisanang'ambike n'komwe. Nyowetsani kansalu koyera, mupukute nako mkati mwa mpendero. Kakatenga mtundu, chovalacho chizichapidwa pachokha. Utoto wa thonje lakuda, lofiira ndi labuluu umaonekera msanga ukayamba kutha, makamaka chovala chikamatandala padzuwa kapena kugona m'madzi a sopo waufa. Chitembenuzeni pochapa ndi poyanika pomwe, ndipo chikauma chanuleni.

Apa ndi pamene kaphatikizidwe ka zovala kamalowera. Bulauzi ndi siketi za chitenje chimodzi zizichapidwa limodzi nthawi zonse, ngakhale munavala chimodzi chokha. Mukamachapa bulauzi sabata iliyonse siketi ili m'sutikesi, ikamatha miyezi ingapo sizidzafanananso. Chimodzimodzi buluku lakuda la thonje ndi jekete yakuda ya poliyesita: buluku lidzayamba kutuwa, jekete ikadali bii. Bola kuvala siketi ya maluwa ndi bulauzi ya mtundu umodzi wotengedwa m'maluwamo, koma wowalirapo, monga wachikasu kapena woyera, chifukwa maluwawo akayamba kuzilala, diso silipeza china chofanana nawo choti liyerekeze.