Kuyeza madzi a ku Nkhulambe: ndime ziwiri zosasowa m'lipoti

Pamene namondwe wa Freddy anasakaza dera la Nkhulambe m'boma la Phalombe mu Marichi 2023, dziko lino linali likulimbana kale ndi kolera. N'chifukwa chake wophunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso akayeza madzi a pachitsime cha m'derali, lipoti lake liyenera kukhala ndi ndime ya chitetezo komanso ya kulemekeza anthu.

Ndime ya chitetezo sikwanira ikangoti "tinasamala". Iyenera kutchula choopsa chenicheni: madziwo angakhale ndi mabakiteriya ochokera m'chimbudzi, omwe amachulukana kwambiri akamera m'mbale zoyezera. Kenako ifotokoze zomwe zinachitika: kuvala magolovesi, kumata mbalezo osazitsegulanso, ndi kuziphika m'makina a nthunzi pa madigiri 121 kwa mphindi 15 zisanatayidwe. Ngati madzi anatayikira patebulo, ngoziyo ilembedwe pamodzi ndi mankhwala amene anapukutira.

Ndime inayo inene kuti mfumu ndi mwini chitsime anafotokozeredwa cholinga ndipo anavomera. M'malo mwa dzina la banja palembedwe nambala, monga "chitsime 3", pakuti zotsatira zoipa zingachititse banjalo kusalidwa. Wolemba asakokomezenso: kupezeka kwa mabakiteriya a m'matumbo kumasonyeza kuti madzi aipitsidwa, osati kuti muli kolera.

Komabe chinsinsi chili ndi malire. Madzi akapezeka oipa, lipoti lionetse tsiku limene mlangizi wa zaumoyo anadziwitsidwa, chifukwa anthu amakhala akumwabe madziwo.