Chifukwa chimene mavoloti 6 amasandukira 4

Marezisita awiri akalumikizidwa motsatizana pa batire, amagawana mphamvu ya batireyo. Akakhala ofanana, aliyense amatenga theka. Tengani batire ya sola ya mavoloti 12 ndi marezisita awiri a maomu 10,000 aliyense, wina pamwamba, wina pansi. Mukapima ndi malitimita mbali ziwiri za wapansiyo, mupeza mavoloti 6. Ambiri amene akuphunzira kukonza mawailesi amakhutira pomwepa, n'kuganiza kuti apeza njira yotchipa yotsitsira magetsi.

Vuto limayamba mukangolumikizapo chinthu choti chidye magetsiwo, chimene amisiri amati lodi. Lodi imakhala pambali pa rezisita wapansi, ndipo magetsi akafika pamphambanopo amapeza njira ziwiri m'malo mwa imodzi. Njira ziwiri n'zosavuta kudutsa kusiyana ndi imodzi, choncho mbali yapansi yonse imachepa maomu. Masamu ake ndi awa:

```
Rp = (R2 × RL) / (R2 + RL)
Vout = Vin × Rp / (R1 + Rp)
```

Tiyerekeze kuti lodi nayonso ndi ya maomu 10,000. Ikaphatikizana ndi rezisita wapansi, ziwirizo zimakhala ngati rezisita mmodzi wa maomu 5,000. Wapamwamba sanasinthe, akadali 10,000. Tsopano akugawana mosafanana: wapamwamba atenga magawo awiri mwa atatu, omwe ndi mavoloti 8, pansi n'kutsala 4 okha. Palibe chimene chapsa kapena kuwonongeka. Magetsi ochuluka akudutsa mwa wapamwamba, ndipo mavoloti osowawo athera mwa iyeyo.

Kukula kwa lodi ndiko kumalamula. Ya maomu 100,000 imasiya mavoloti pafupifupi 5.7, pamene ya maomu 1,000 imawagwetsa kufika pa voloti imodzi. Nanga wailesi ya mavoloti 6 yokoka mamiliampeya 100? Imeneyo ili ngati maomu 60 basi, ndipo ingalandire mavoloti osafika n'komwe 0.1. Siingalire.

Chimene chimasocheretsa anthu ndi malitimita yomwe. Zambiri za manambala zili ndi maomu pafupifupi 10 miliyoni m'kati mwake, motero sizikoka kanthu, ndipo zimaonetsa 6 wabwinobwino. Pimani kawiri, lodi isanalumikizidwe ndiponso ili pomwepo. Nambala ikatsika kwambiri koma batire ikadali pa 12, musaimbe mlandu batire: marezisita anu ndi aakulu kwambiri poyerekeza ndi lodiyo.

Amisiri amaonetsetsa kuti lodi iposa rezisita wapansi kakhumi kapena kupitirira. Mungathe kuchepetsa marezisita onse awiri kukhala a maomu 1,000, ndipo lodi ya 10,000 ija ipeza 5.7, koma batire izitaya mamiliampeya 6 usana ndi usiku, ngakhale lodi itachotsedwa. Marezisita ogawa mavoloti ndi abwino popima batire kapena potumiza chizindikiro chaching'ono ku chipangizo china. Ngati mukufuna kuliza wailesi kapena kutchaja foni, gulani regyuleta.