Fayilo Yafufutidwa, Koma Disiki Ikadali Yodzaza

Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu madzulo, kumapeto kwa mwezi, ndipo seva imene makasitomala a kampani ina amalipirirapo zinthu yayamba kukana ntchito. Mnyamata woyang'anira makompyuta walowa mu sevayo n'kupeza uthenga umene aliyense wa ntchito imeneyi amaudziwa: `No space left on device`. Disiki yadzaza. Ndi disiki ya magigabayiti 100, ndipo lamulo la `df -h` likuonetsa kuti 95 agwiritsidwa ntchito, otsala palibe. Asanu enawo ndi amene disiki ya mtundu wa `ext4` imasungira mwini wamkulu wa makina, kotero mapulogalamu wamba sawakhudza.

Sachedwa kupeza chimene chadya malo. Ndi fayilo ya `access.log`, m'mene pulogalamu ya `nginx` imalembamo mzere umodzi pa aliyense amene wafika pa tsamba la kampaniyo. Pakhala miyezi popanda woidula, yakula mpaka magigabayiti 60. Akuifufuta ndi `rm`, akupumira m'mwamba, akuyang'ananso `df`. Pakadali 95. Akuyesa `du`, lamulo lina loyeza malo, ndipo ilo likuti mafayilo onse pamodzi ndi magigabayiti 35 okha. Magigabayiti 60 sakuoneka paliponse, koma sakupezekanso oti n'kulembapo.

Apa ambiri amayamba kuganiza kuti disiki yawonongeka, kapena kuti limodzi mwa malamulo awiriwa likunama. Onse akunena zoona. Angosiyana kawerengedwe.

Taganizirani nyumba yogona alendo. Pa khomo pali kaundula wa maina, ndipo kuseri kuli zipinda. Mlembi atafufuta dzina la mlendo m'kaundula pamene mwiniwakeyo ali m'chipinda ndi kiyi wake m'thumba, chipindacho sichinamasuke. Wowerenga kaundula anena kuti muli malo, koma woyenda khomo ndi khomo apeza chitseko chotseka. `du` ndiye wowerenga kaundula: amatsata maina a mafayilo n'kuwonkhetsa kukula kwake. `df` safunsa maina, amangofunsa disiki kuti ndi malo angati amene ali ndi mwini.

Pa Linux, monganso pa kholo lake Unix amene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba ku Bell Labs mu 1969, dzina la fayilo ndi fayilo yeniyeniyo ndi zinthu ziwiri. Fayilo yeniyeni imadziwika ndi nambala yotchedwa `inode`, ndipo dzina ndi chikwangwani chabe choloza nambalayo. Fayilo imodzi ikhoza kukhala ndi maina awiri kapena atatu. Chimene `rm` amachita ndi kuchotsa dzina basi. Malo a pa disiki amabwezedwa pokhapokha zinthu ziwiri zitachitika: maina onse atha, ndipo palibenso pulogalamu imene yatsegula fayiloyo. `nginx` anatsegula `access.log` tsiku limene anayatsidwa, ndipo kuyambira pamenepo safunanso dzina, amalemba kudzera pa kanambala kamene anapatsidwa potsegula. Choncho sakudziwa n'komwe kuti wina wafufuta kanthu. Akupitiriza kulemba, ndipo fayilo yopanda dzinayo ikukulabe malo akangopezeka. Ozolowera Windows amadabwa nazo izi, chifukwa kumeneko makina nthawi zambiri amakana kufufuta fayilo imene pulogalamu ina yatsegula. Linux sakana, amamvera mwakachetechete, ndipo ine ndimaona kuti kumvera kumeneku n'kumene kumapusitsa anthu.

Mlendo wobisalayo amapezeka ndi lamulo limodzi, lolembedwa ndi mphamvu za mwini wamkulu wa makina kuti lione mapulogalamu onse:

```
sudo lsof +L1
```

Likutanthauza kuti: ndionetse mafayilo otsegula amene maina ake sakukwana ngakhale limodzi. Pa mzere uliwonse pamabwera dzina la pulogalamu, nambala yake pansi pa `PID`, kanambala kotsegulira kaja pansi pa `FD`, kukula kwa fayilo, ndipo kumapeto mawu akuti `(deleted)`. Mnyamata wathu akuona mizere isanu, uliwonse wa magigabayiti 60, mtima n'kudumpha. Si magigabayiti 300 ayi. `nginx` amagwira ntchito ndi kapitawo mmodzi ndi antchito angapo, ndipo onse agwira fayilo imodzimodziyo. Nambala ya pansi pa `NODE` ndi yofanana pa mizere yonse, ndiwo umboni wake. Zikutanthauzanso kuti kuzimitsa wantchito mmodzi sikuthandiza, malo abwerera pamene womaliza wasiya.

Asanachite chilichonse, ndi bwino adzifunse ngati zimene zili m'fayiloyo zikufunika. Pakadali pano fayiloyo ikadali yamoyo, ndipo ikhoza kukoperedwa kuchokera ku `/proc/2114/fd/5`, ngati pulogalamu ili nambala 2114 ndipo kotsegulira ndi 5, kupita pa disiki ina. Pulogalamu ikangoitseka, mwayi umenewu wapita. Anthu apulumutsapo mafayilo ofunika amene anafufuta mwangozi mwa njira yomweyi.

Kwa `nginx` mankhwala ake ndi osavuta, ndipo makasitomala sazindikira kuti pachitika kanthu:

```
sudo nginx -s reopen
```

Pulogalamuyo imatseka fayilo yakale n'kutsegula yatsopano ya dzina lomwelo. `df` akutsika kuchoka pa 95 kufika pa 35.

Si pulogalamu iliyonse imene imamva lamulo lotere. Zina zimafuna kuzimitsa n'kuyatsanso, ndipo pa seva imene anthu akulipirirapo, Lachisanu la malipiro, abwana sangalole. Njira yotsala ndi kukhuthula fayiloyo ikadali m'manja mwa pulogalamu:

```
sudo truncate -s 0 /proc/2114/fd/5
```

Malo amabwerera nthawi yomweyo, koma lamuloli ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Silifunsa kawiri. Mukaphonya nambala, mukhuthula fayilo ina yamoyo. Ndiye yambani mwaona ndi `sudo ls -l /proc/2114/fd` kuti 5 akulozadi fayilo imene mukuganiza. Ndipo muchite zimenezi pa fayilo ya zolemba za tsiku ndi tsiku yokha. Mapulogalamu osunga nkhokwe za maakaunti, monga MySQL, amatsegula dala mafayilo ongogwirira ntchito n'kuwafufuta maina pomwepo kuti adzasowe okha ntchito ikatha. Amenewo amaonekanso pa `lsof` ndi `(deleted)`, koma si zinyalala, ndipo kuwakhuthula kukhoza kusokoneza ntchito imene ili m'kati.

Nthawi zina `lsof +L1` sabweretsa kanthu kakakulu pamene `df` ndi `du` akutsutsanabe. Pamenepo vuto ndi lina. Kawirikawiri ndi mafayilo amene analembedwa mu foda ina disiki yachiwiri isanalumikizidwe pa foda yomweyo, ndiye anaphimbika pansi pake ndipo `du` sawaona.

Mnyamata uja akanapewa zonsezi akanakhuthula `access.log` ndi `truncate` m'malo moifufuta, dzina n'kulisiya pomwepo. Koma muzu wa nkhani ndi chifukwa chimene fayiloyo inafikira magigabayiti 60. Pali pulogalamu ya `logrotate` imene ntchito yake ndi kusintha dzina la fayilo yakale tsiku lililonse kapena sabata iliyonse, kuipanikiza, n'kutaya zakalekale. Nayonso ikhoza kugwera m'dzenje lomweli. Ngati gawo la `postrotate`, limene limauza pulogalamu kuti itsegule fayilo yatsopano, likusowa kapena lalembedwa molakwika, pulogalamu imalembabe m'fayilo yakale, ndipo tsiku limene `logrotate` adzaifufute imasanduka mlendo wopanda dzina. Chizindikiro chake chimaoneka msanga: fayilo yatsopano imakhala yopanda kanthu tsiku lonse pamene makasitomala ali piringupiringu. Kwa mapulogalamu osamva kuuzidwa pali `copytruncate`, amene amakopera zolembazo kenako n'kukhuthula fayilo yoyambayo, ngakhale kuti mizere ingapo yolembedwa pakati pa kukopera ndi kukhuthula imatha kutayika.