Filimu imayamba kujambulidwa ndi pensulo

Sikiripiti ya filimu imanena zochepa kuposa momwe anthu amaganizira. Wolemba akhoza kungolemba kuti mtsikana wafika pakhomo n'kuuza amayi ake kuti am'bweza kusukulu, ndipo kwa iye ntchito yatha. Koma wogwira kamera, akawerenga mzere womwewo, amatsala ndi mafunso ambiri. Kamera iime pati? Tione nkhope ya mwana kapena ya mayi? Tikhalepo nthawi yaitali bwanji? Mafunsowa akayankhidwa pa tsiku lojambula, ochita sewero ataima padzuwa ndipo batire ya kamera ikutha, mayankho ake amakhala achangu komanso osaganizira bwino. N'chifukwa chake amayankhidwa kale papepala, pa mndandanda wa zithunzi zojambula pamanja womwe opanga mafilimu amautcha sitolibodi.

Njirayi inakhazikika ku situdiyo ya Walt Disney ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Wojambula wina, Webb Smith, ndi amene amatchulidwa kuti anayamba kujambula zigawo za nkhani pa mapepala osiyanasiyana n'kumazikhoma pabolodi motsatana, ndipo katuni ya Three Little Pigs ya 1933 ndi imodzi mwa zoyamba kukonzedwa yonse motere. Opanga mafilimu a anthu enieni anatengerapo. George Miller, pokonza Mad Max: Fury Road ya 2015, yomwe mbali yaikulu inajambulidwa m'chipululu cha Namibia, anali ndi zithunzi zotere pafupifupi 3,500. Koma kuti ntchitoyi imveke, tiyeni titenge kagawo kakang'ono ka nkhani yongopeka, ka masekondi 30 okha.

```
EXT. KHONDE LA NYUMBA - MASANA
```

Mzere wotere ndi umene umatsegula gawo lililonse mu sikiripiti; zilembo zoyambazo zikutanthauza kuti zochitika zili panja. Pansi pake palembedwa kuti Nambewe wakhala pakhonde akusenda nandolo m'lichero. Mwana wake Chikondi, atavala yunifomu, akufika ndi envulopu m'manja. Nambewe akufunsa, "Bwanji iwe wabwera msanga?" Chikondi akuyankha, "Amayi, andibweza. Akuti fizi." Nambewe sakuyankha. Sikiripiti yathera pamenepo.

Ntchito yoyamba siyojambula ayi. Wokonza sitolibodi amakhala pansi ndi dayirekitala, n'kumadula mzere ndi pensulo paliponse pamene chinthu chasintha: pamene wina walowa, pamene wina wadziwa chimene samadziwa, pamene mtima watembenuka. Pa mzere uliwonse wodulawo amadzifunsa kuti, woonera ayenera kuona chiyani pakadali pano kuti amvetse? Yankho lake ndi limene limasankha kukula kwa shoti, kutanthauza chidutswa chimodzi cha kanema chimene kamera yatenga osaduka.

Shoti yoyamba ndi yapatali, imene pansi pa chithunzi amailemba WS. Ikuonetsa nyumba, khonde, kanjira kochokera kumsewu, Nambewe atakhala kumanja kwa chithunzi ndipo Chikondi akutulukira kumanzere, wamng'ono ndithu. Ntchito yake ndi kuuza woonera kuti tili kuti komanso kuti anthuwa atalikirana bwanji. Yachiwiri ndi yapakati, MS, yodula munthu m'chiuno: Nambewe akusenda, kenako akudzutsa mutu. Shoti yapakati ndiyo imanyamula zokambirana zambiri m'mafilimu, chifukwa nkhope ikuoneka ndipo manja nawonso akuoneka. Yapafupi, CU, imadzaza chithunzi ndi nkhope kapena chinthu chimodzi, ndipo ndi imene anthu oyamba kumene amaiwononga kwambiri. Mukaika nkhope ya Nambewe pafupi kuyambira poyamba, simudzakhalanso ndi poyandikira pamene uthenga woipa wafika. Choncho yapafupi timaisunga.

Tsopano kamera iyambe kuyenda. Mu shoti yachitatu, Chikondi akudutsa pabwalo ndipo kamera ikumutsatira potembenuka kuchoka kumanzere kupita kumanja, itaima malo amodzi pa miyendo yake itatu. Kutembenuka kotere amakutcha pani. Kukakhala kodzutsa kapena kuweramitsa kamera ndi tiliti. Popeza chithunzi cha papepala sichiyenda, shoti imodziyi imajambulidwa m'mabokosi awiri, 3A woonetsa poyambira ndi 3B woonetsa pothera, ndi muvi pakati. Apa pali msampha umene umasokoneza anthu pa tsiku lojambula: muvi wina ndi wa munthu amene akuyenda, wina ndi wa kamera. Ambiri amaika muvi wa munthu m'kati mwa bokosi, wa kamera m'mphepete kapena kunja kwake, wonenepa. Palibe lamulo lokakamiza, bola gulu lonse ligwirizane njira imodzi n'kuisunga mpaka kumapeto.

Shoti yachinayi kamera ili kumbuyo kwa phewa la Chikondi, kuyang'ana Nambewe pamene akufunsa funso lake. Yachisanu ndi yapafupi ya envulopu, zala zikuifinya. Taonani kuti envulopuyo yayankha funso mwanayo asanatsegule pakamwa. Chimenechi sichinalembedwe mu sikiripiti. Chabadwa papepala la wojambula, ndipo kwa ine ndi pamenepa pamene sitolibodi imaonetsa phindu lake lenileni. Yachisanu ndi chimodzi ndi nkhope ya Chikondi akunena mawu ake.

Pakati pa shoti zimenezi pali lamulo limodzi lofunika kulimvetsa bwino. Ganizirani mzere wosaoneka wolumikiza mayi ndi mwana. Kamera ikasankha mbali imodzi ya mzerewo, iyenera kukhala mbali yomweyo, ndipo n'chifukwa chake amalitcha lamulo la madigiri 180. Mu shoti yathu yoyamba Nambewe anali kumanja, choncho m'mabokosi onse otsatira ayenera kuyang'ana kumanzere, Chikondi kumanja. Mukalumpha mzerewo, onse awiri adzaoneka akuyang'ana mbali imodzi ngati akulankhula ndi munthu wachitatu amene palibe. Kuzindikira vutoli papepala n'kosavuta: yalani mabokosi onse pansi, mutsate maso a anthuwo kuchoka bokosi lina kupita lina. Maso akatembenuka popanda chifukwa, mzere walumphidwa. Kukonza kwake pamenepo ndi labala basi, pamene likapezeka pa kompyuta podula filimu, mankhwala ake ndi kuitananso anthu onse kukajambula kachiwiri.

Shoti yachisanu ndi chiwiri ndiyo mtima wa gawoli. Nambewe wamva, sakuyankha, ndipo kamera ikumuyandikira pang'onopang'ono kuchoka pa yapakati kufika pa yapafupi. Papepala timajambula bokosi laling'ono m'kati mwa lalikulu, ndi mivi inayi yochokera m'makona kuloza m'kati, kapena mabokosi awiri, 7A ndi 7B. Koma pafunika kulemba momveka ngati ndi dole kapena zumu, chifukwa si chinthu chimodzi. Pa dole kamera yeniyeniyo imasuntha pa timatayala kapena pa kanjanji, ndipo mzati wa khonde ndi khoma lakumbuyo zimasintha malo poyerekeza ndi nkhope, monga zimachitikira munthu akamayandikira mnzake. Pa zumu kamera siisuntha, galasi lokha ndi limene limakulitsa chithunzi, ndipo woonera amamva kuti pali makina amene akum'kokera. Ngati gulu lanu lilibe kanjanji ndipo bwalo ndi la mabampu, musajambule dole yosalala papepala n'kumadzinamiza. Dulani shotiyo pawiri, yapakati kenako yapafupi. Sitolibodi yodzaza ndi kamera youluka pamwamba pa denga, pamene gulu lili ndi kamera imodzi ndi miyendo yake, ndi buku la zithunzi chabe.

Shoti yomaliza, yachisanu ndi chitatu, ndi manja a Nambewe akuyambiranso kusenda nandolo. Zonse pamodzi ndi shoti 8 koma mabokosi 10, chifukwa ziwiri zoyenda zija zatenga mabokosi awiriawiri.

Chatsala ndi nthawi, ndipo apa ndi pamene masitolibodi ambiri amafooka, pakuti bokosi la sekondi imodzi ndi la masekondi khumi amaoneka ofanana papepala. Kanema ndi zithunzi zoima zimene zimathamanga motsatana, chilichonse chotchedwa fulemu. Mafilimu a m'nyumba zoonetsera amayenda pa mafulemu 24 pa sekondi, pamene wailesi yakanema kuno kwathu, monganso ku Ulaya, imayenda pa 25. Tikasankha 25, masekondi athu 30 ndi mafulemu 750, ndipo ayenera kugawidwa pakati pa shoti 8 zija. Yapatali ilandire masekondi 4, chifukwa muli zambiri zoti diso lifufuze. Nambewe kudzutsa mutu, 3. Kuyenda kwa Chikondi, 5. Funso la mayi, 3. Envulopu, 2 okha, pakuti ndi chinthu chimodzi chimene diso limagwira msanga. Yankho la Chikondi, 4. Kuyandikira nkhope ya Nambewe, 6, omwe ndi mafulemu 150. Manja m'lichero, 3. Mukawonkhetsa akukwana 30.

Manambalawa sachokera m'mutu. Nthawi ya mawu imapezeka powerenga mokweza ndi wotchi ya pafoni m'manja, pa liwiro limene wochita sewero angalankhulire, kuphatikizapo kupuma ndi kumeza mate. Nthawi ya kuyenda imapezeka poyenda mtundawo. Ndipo onani kuti shoti yaitali kuposa zonse ndi imene ilibe mawu ngakhale amodzi. Amene amawerengera nthawi potengera mizere ya sikiripiti akanaipatsa sekondi imodzi, chifukwa papepala ndi mawu awiri okha, akuti Nambewe sakuyankha. Lamulo lodziwika lija loti tsamba limodzi la sikiripiti ndi pafupifupi mphindi imodzi ya filimu limathandiza poyerekeza kutalika kwa filimu yonse, koma pa kagawo kamodzi limasocheretsa.

Kuti mudziwe ngati nthawiyo ikugwira, jambulani bokosi lililonse ndi foni, muike zithunzizo motsatana mu pulogalamu yodulira kanema, chilichonse chikhale masekondi amene mwachilembera, n'kuikapo mawu amene mwawerenga nokha. Chotulukacho amachitcha animatiki. Muonetseni munthu amene sanawerenge sikiripiti. Akafunsa kuti chili m'manja mwa mwanayo n'chiyani, envulopu ikufuna sekondi ina kapena kamera iyandikire. Akayang'ana kumbali Chikondi akadali kuyenda, chotsaniko masekondi awiri pa pani ija, muwapereke kwina.

Kusadziwa kujambula kusakuletseni. Mutu wozungulira, mphuno yoloza kumene munthu akuyang'ana ndi mivi yomveka n'zokwanira, bola bokosi likhale la muyeso wa kanema wanu, monga masentimita 16 m'litali ndi 9 m'lifupi, kapena theka lake. Pansi pa bokosi lililonse lembani nambala ya shoti, kukula kwake, kayendedwe ka kamera, mawu onenedwa ndi masekondi. Ndipo musanayambe, pitani kaye mukaone khonde lenilenilo, chifukwa mukhoza kupeza kuti pamene mwaimika kamera papepala pali khoma la bafa.