Kusandutsa wovina beni kukhala katuni: pamene kukopera kumathandiza ndi pamene kumaononga

Chovuta kwambiri pa ntchito ya makatuni ndi kujambula munthu akuvina. Woonera amakhululuka mphuno yokhota, koma phazi likaponda pansi ng'oma isanalire, kapena itadutsa kale, aliyense amazindikira msanga. Ndi chifukwa chake kwa zaka zoposa 100 akatswiri akhala akugwiritsa ntchito njira ya rotosikopu: amajambula wovina weniweni ndi kamera, kenako amakopera pamanja chithunzi chimodzichimodzi cha kanemayo.

Njirayi anaitulukira ndi Max Fleischer wa ku America mu 1915. Makina ake ankaonetsa chithunzi cha kanema kuseri kwa galasi, ndipo wojambula ankaika pepala pagalasipo n'kulondola mizere ya thupi. Mng'ono wake, Dave, ndiye ankavala zovala za wanthabwala n'kumasewera pamaso pa kamera, ndipo m'menemo munabadwa katuni yotchedwa Koko. Mu 1932 kampani ya abale awiriwa inajambula woimba Cab Calloway akuvina, n'kumusandutsa mzukwa wa nyama ya m'nyanja yaminyanga mu kanema wa Minnie the Moocher. Nkhope ndi thupi zinali za chilombo, koma kutsetsereka kwa mapazi ndi kupindika kwa msana zinali za Calloway.

Phunziro lake ndi lakuti chofunika kutenga kwa wovina ndi nthawi ndi kayendedwe, pamene maonekedwe a thupi wojambula angathe kuwasintha.

Masiku ano galasi lija lalowedwa m'malo ndi mapulogalamu monga Krita ndi Blender pa kompyuta, kapena FlipaClip pa foni. Tingoyerekeza kuti wojambula wa ku Balaka, kwawo kwa Alleluya Band, akufuna katuni ya masekondi 10 yoika m'kanema wa nyimbo, ndipo wasankha beni, gule wotchuka pakati pa Ayao a ku Machinga ndi Mangochi amene amatsanzira perete wa asilikali.

Ntchito imayambira pabwalo. Kamera iyenera kukhala pachoikira chosagwedera, ndipo wovina aoneke yense mpaka kumapazi, chifukwa pomwe phazi lagunda nthaka ndi pomwe pamadalira zojambula zonse. Kuwala kukhale kokwanira kuti kamera izitsegula diso lake mwachangu, mwina gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi. Ikachedwa, mkono wothamanga umaoneka ngati utsi ndipo wokopera amasowa mzere woti autsate. Fumbi la pabwalo nalo limabisa mapazi, choncho kuwaza madzi pansi kumathandiza.

Kanema wa zithunzi 24 pa sekondi amapereka zithunzi 240 pa masekondi 10. Ojambula ambiri sakopera zonse. Amalumpha chimodzi n'kutenga chotsatira, ndipo chojambula chilichonse chimaoneka kawiri. Motero pamatsala zojambula 120, kapena kuti 12 pa sekondi. Ngati chimodzi chimatenga mphindi 20, ntchitoyo ndi ya maola 40, asanaikepo mitundu.

Asanakopere kalikonse, wojambula amayamba walemba pomwe ng'oma ikugwera. Ngati ikulira kawiri pa sekondi, ndiye kuti pa zojambula zisanu ndi chimodzi zilizonse pali kugunda kumodzi: pa 1, pa 7, pa 13, mpaka kumapeto. Pa zojambula zimenezo phazi liyenera kukhala litaponda. Pakati pake, pa 4 ndi pa 10, bondo lili pamwamba penipeni. Zithunzi zikuluzikuluzi ndizo zoyamba kujambulidwa, ndipo zapakati zimabwera pambuyo.

Apa ndi pamene kukopera kulibe mnzake. Wovina beni waluso amaguba ngati msilikali, koma mapewa, chiuno ndi mutu sizifika nthawi imodzi ndi phazi. Phewa likhoza kutsalira ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri, ndipo kuchedwa pang'onoko ndi kumene kumasiyanitsa gule ndi perete wamba. Wojambula za m'mutu kawirikawiri amagwetsa ziwalo zonse pamodzi, katuni n'kuoneka ngati chidole cha mawaya. Kukopera kumathandizanso wovina akatembenuka, kapena akaloza mkono ku kamera, pomwe ziwalo zimafupika m'njira yovuta kuiganizira.

Vuto limayamba wojambula akasanduka kapolo wa kanemayo. Chizindikiro choyamba ndi kunjenjemera kwa mizere. Dzanja silingabwereze mzere pamalo amodzimodzi, choncho chipewa, mabatani ndi mendulo za pachifuwa zikakoperedwa mwatsopano nthawi zonse, zimawira ngati phala pamoto. Mankhwala ake ndi kuchepetsa tizinthu ting'onoting'ono, ndi kujambula kamodzi kokha chiwalo chimene sichikusuntha.

Chizindikiro chachiwiri ndi kupepuka. M'kanema weniweni, kulemera kwa munthu kumaonekera m'mithunzi, m'makwinya a zovala ndi m'fumbi. Mzere wokha umataya zonsezi, ndipo wovina amene ankagwedeza nthaka amaoneka ngati akuyandama. Pofuna kubwezeretsa mphamvuyo, wojambula amawonjezera dala: pa chojambula 7 amatsitsa chiuno kuposa mmene chilili m'kanema, pa 4 amakweza bondo kwambiri, ndipo amatalikitsa mtunda umene phazi likuyenda pakati pa 6 ndi 7 kuti ligwe mwamphamvu.

Chachitatu ndi kutsetsereka kwa mapazi. Katuni ikapatsidwa miyendo yaifupi ndi mutu waukulu, mapazi ake sangafike pomwe wovina anaponda. Njira yoyesera ndi kuika kadontho pansi pa chidendene n'kuonetsetsa kuti chidendenecho sichikuchoka pamenepo mpaka phazi litanyamuka. Thupi la katuni likasiyana kwambiri ndi la munthu, kukopera mizere kumakhala kopanda phindu, ndipo kanemayo amangotsala wothandiza kuwerengera nthawi.

Kuipa kokopera mosasintha kunaonekera mu 1939 m'kanema wa a Fleischer wa Gulliver's Travels. Gulliver anakoperedwa kwa munthu weniweni, pamene tianthu tomuzungulira tinajambulidwa mwaufulu, ndipo mbali ziwirizi zimaoneka ngati zochokera m'makanema osiyana. Ku kampani ya Walt Disney, pokonza Snow White and the Seven Dwarfs wa 1937, mtsikana wovina Marjorie Belcher, amene pambuyo pake anatchuka ndi dzina la Marge Champion, anajambulidwa akusewera mbali ya Snow White. Ojambula anatengera kayendedwe kake, koma anasintha thupi ndi kukulitsa mutu kuti ligwirizane ndi katuni.

Nkhani ya anthu awiriwa ikukhudzanso ulemu wa wovina. Calloway amaoneka yekha akuvina kumayambiriro kwa kanema wa 1932 ndipo dzina lake linalembedwa, koma la Belcher silinalembedwe pa kanema wa Disney. Nkhope ikafufutidwa, kavinidwe kamakhalabe ka mwini wake, ndipo anthu akwawo ku Ntaja kapena ku Liwonde angathe kumuzindikira ndi kaponyedwe ka phazi kokha. Lamulo la Malawi la 2016 loteteza ntchito zaluso limateteza oimba ndi ovina komanso zachikhalidwe, ndipo bungwe loona za nkhanizi ndi COSOMA. Choncho chilolezo cha wovina ndi gulu lake, malipiro ndi kulembedwa kwa maina awo ndi zoyenera kugwirizana kamera isanayatsidwe.