Khonsolo yatseka benchi yanga pamsika: kodi nkhani yathera pomwepo?

Mkulu wa msika akabwera ndi loko kapena akalamula kuti benchi ichotsedwe, mavenda ambiri amangoti boma lanena. Ena amapita kukagwada, ena amayamba phokoso. Pali njira ina imene malamulo a dziko lino anaika, ndipo mafunso otsatirawa ndi amene munthu wotsekeredwa malonda amakhala nawo.

Kodi chiganizo cha khonsolo chingaunikidwenso?

Inde. Khonsolo ndi mbali ya boma, ndipo mphamvu zake zoyendetsa misika zimachokera m'malamulo, makamaka lamulo la maboma aang'ono la 1998 ndi malamulo aang'ono amene khonsolo iliyonse imadzipangira. Pamwamba pa zonsezi pali malamulo oyendetsera dziko a 1994. Gawo 108 limapatsa Khoti Lalikulu mphamvu younika chiganizo chilichonse cha boma, ndipo gawo 43 limati munthu aliyense amene chiganizo chikumukhudza ayenera kuchitiridwa zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, komanso kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Mawu a pakamwa akuti "akuluakulu atero" sakukwanira. Dziwaninso kuti nkhani yotere siyambira kwa majisitireti. Imapita ku Khoti Lalikulu, ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba.

Ndiye jaji adzanena kuti ndibwerere pabenchi yanga?

Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa, ndiye tifotokoze bwino. Jaji sakhala pampando wa mkulu wa khonsolo n'kuyamba kuganiza kuti nsomba zizigulitsidwa mbali iti ya msika. Iye amayang'ana mmene chiganizocho chinapangidwira. Kodi amene anatseka anali ndi mphamvu yotseka? Kodi mwini benchi anauzidwa mlandu wake ndi kupatsidwa mpata woyankha? Kodi zifukwa zimene zinaperekedwa zikugwirizana ndi chilango chake? Kodi panalibe kukondera kapena chidani?

Tiyerekeze mayi wogulitsa usipa amene wakhala pabenchi imodzi zaka zambiri. Pa 10 Malichi akupeza benchi yake yaikidwa chizindikiro, ndipo mkulu wa msika akumuuza kuti ali ndi ngongole ya msonkho wa miyezi iwiri. Sanalandirepo kalata yomuchenjeza. Matikiti ake ali mu jumbo kunyumba, koma palibe amene wamufunsa. Sabata yotsatira akuona munthu wina akuyala tomato pamalo pomwepo.

Mayiyu ali ndi mfundo zomveka. Sanamvedwe, sanapatsidwe zifukwa zolembedwa, ndipo ngati malamulo a msikawo amati wochotsa munthu pamalo ndi khonsolo yokha itapereka chenjezo, ndiye kuti mkulu wa msika anachita zopyola mphamvu zake. Khoti likhoza kufafaniza chiganizocho n'kulamula khonsolo kuti iyambirenso nkhaniyo m'njira yoyenera. Koma taonani: khonsolo ikamuitana, n'kumumvetsera, n'kupeza kuti ngongoleyo ilipodi, ikhoza kumutsekeranso, ndipo ulendo uno mwalamulo. Kwa mayi amene matikiti ake ndi okwanira, mpata woyankhawo ndi umene ungamupulumutse. Amene alidi ndi ngongole angachite bwino kukakambirana za kalipiridwe kusiyana ndi kulipira loya.

Nanga akatseka chifukwa cha matenda?

Pamenepo khonsolo imakhala ndi mphamvu zambiri. M'nyengo ya kolera ya 2022 ndi 2023, makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misika ndi m'misewu. Pa ngozi yotere akuluakulu a zaumoyo sangadikire kumva wogulitsa aliyense payekha, ndipo n'kovuta kuti khoti liwaimbe mlandu pa zimenezo. Funso limabuka ngati mwa anthu khumi okazinga chipisi pamzere umodzi atsekera mmodzi yekha, kapena ngati mliri watha koma loko akadali pachitseko popanda wofotokoza.

Ndili ndi nthawi yochuluka bwanji?

Yochepa. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku Khoti Lalikulu a 2017 amati pempho lotere liperekedwe mwachangu, ndipo pasapyole miyezi itatu kuchokera pamene chiganizo chinapangidwa. Kwa mayi wa usipa uja, miyezi itatuyo ikutha cha pa 10 Juni. Khoti likhoza kuwonjezera nthawi pakakhala chifukwa chomveka, koma si chinthu chochidalira.

Msampha wake ndi mawu akuti "mubwere mawa". Munthu amayenda ku ofesi sabata ndi sabata, lero bwana ali ku msonkhano, mawa fayilo ili kwa wina, mpaka miyezi n'kutha. Khoti limafunadi kuona kuti munayesa kaye njira zodandaulira zimene zilipo musanathamangire kwa jaji, koma kuyenda kwa mapazi sikusiya umboni. N'chifukwa chake dandaulo liyenera kukhala lolembedwa.

Ndiyambire pati kwenikweni?

Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, kapena kwa bwanamkubwa ngati ndi khonsolo ya boma. Nenani dzina la msika, nambala ya benchi ngati ilipo, tsiku limene anatseka ndi udindo wa amene anatseka. Pemphani zinthu zitatu: zifukwa zolembedwa, lamulo limene agwiritsa ntchito, ndi mpata woti mukanene mbali yanu. Pangani makope awiri, ndipo imodzi aidinde ndi kulembapo tsiku limene alandira, mubwerere nayo. Sungani matikiti, malisiti, chiphaso cha malonda, ndi zithunzi za benchi kapena katundu amene alanda. A komiti ya msika ndi khansala wa dera lanu angathandize kuti nkhani ithe pokambirana, ndipo ikathera apa mwapulumutsa mpamba wanu.

Chimene simuyenera kuchita ndi kuthyola loko kapena kubwerera pamalopo mokakamira. Ngakhale khonsolo italakwa, inu mudzakhala mwadzipezera mlandu wina.

Kukhoti kumayenda bwanji, ndipo ndalama ndizitenga kuti?

Pali masitepe awiri. Loyamba, loya amapempha chilolezo cha jaji, kusonyeza kuti nkhaniyo ikukukhudzani ndipo ili ndi mutu. Nthawi yomweyo angapemphe chiletso, mwachitsanzo choti benchi isaperekedwe kwa wina mlandu usanathe. Chilolezo chikaperekedwa, khonsolo imayankha ndipo jaji amamva mbali zonse, kawirikawiri kudzera m'zikalata zolumbirira.

Kunena zoona, ndalama za loya zikhoza kuposa mpamba wonse wa benchi ya usipa, ndipo woluza akhoza kulamulidwa kulipira zimene mnzake wawononga pa mlanduwo. Osauka angapemphe loya ku Legal Aid Bureau, ndipo mavenda amene atsekeredwa limodzi angasonkherane n'kutengera nkhani imodzi kukhoti. Ofesi ya Ombudsman nayo imalandira madandaulo a kuponderezedwa ndi maofesi a boma popanda kulipiritsa, ngakhale kuti simalowerera nkhani imene ili kale kukhoti.

Kodi pali nkhani zimene njira imeneyi sigwira?

Zilipo. Ngati munkagulitsa m'mbali mwa msewu kapena pakhonde la sitolo pomwe khonsolo sinalolepo malonda, n'kovuta kupeza poimira, ngakhale kuti katundu wolandidwa ayenerabe kusamalidwa motsata lamulo. Ngati munabwereka benchi kwa mnzanu ndipo m'kaundula wa khonsolo muli dzina lake, mudzavutika kusonyeza kuti malowo ndi anu. Ndipo ngati muli ndi shopu ya khonsolo pa mgwirizano wa lendi, mkangano n'kukhala wa ndalama za lendiyo, jaji akhoza kunena kuti imeneyo ndi nkhani ya mgwirizano wa anthu awiri, yoyenera kusumidwa ngati mlandu wamba. Loya adzafuna kuona pepala la mgwirizanolo asanasankhe khomo lolowera, choncho mulitenge popita.