Chimanga chikapinda masamba: zomwe zikuchitika pa timabowo ta tsamba

Tsamba lililonse lili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, totchedwa sitomata. Pa timabowo timeneti ndi pomwe pamalowera mpweya wa kaboni dayokisaidi, umene chomera chimapangira chakudya. Koma madzi nawonso amatulukira pomwepo ngati nthunzi. Pa madzi onse amene mizu imayamwa, oposa magawo 90 pa 100 amathera mumlengalenga kudzera pa timaboboti.

Kabowo kalikonse kali pakati pa maselo awiri otchedwa maselo olondera. Kukacha, kuwala kwa dzuwa kumachititsa maselowa kukoka mchere wa potaziyamu, ndipo madzi amautsatira n'kulowa. Maselo akakhuta madzi amafufuma n'kutalikirana, kabowo n'kutseguka. Mcherewo ukatuluka, madzi amatulukanso, maselo amafwapa, kabowo n'kutsekeka.

Maselowa amamvanso kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi mkati mwa tsamba. Masana mpweyawu umachepa chifukwa ukugwiritsidwa ntchito, choncho timabowo timatseguka kuti wina ulowe. Usiku chakudya sichipangidwa, mpweyawu umachuluka, ndipo timabowo timatsekeka kuti madzi asatayike pachabe.

Nthawi ya ng'amba zinthu zimasintha. Nthaka ikayamba kuuma, chomera chimapanga mankhwala ake otchedwa asidi wa abusisiki. Akafika pa maselo olondera, potaziyamu amatuluka ndipo timabowo timatsekeka ngakhale dzuwa lili phwee. Madzi amasungika ndithu, koma mpweya sulowa, chakudya sichipangidwa, ndipo tsamba limatentha chifukwa nthunzi yolizizira yasiya kutuluka. Timabowo timayamba kutsekeka maso anu asanaone kufota kulikonse.

Tiyerekeze kuti mvula yadula masiku 10 mu Januwale, chimanga chili pafupi kumasula. Pitani kumunda kawiri. Ngati masamba apinda masana koma m'mamawa mwawapeza atatambasuka, ndiye kuti usiku mizu ikupezabe chinyezi, ndipo chimanga chikupanga chakudya m'maola a m'mawa. Mukawapeza ali chipindire dzuwa likungotuluka, nthaka yauma mpaka pomwe pafika mizu, ndipo timabowo tikukhala totseka pafupifupi tsiku lonse. Zikachitika nthawi ya ngayaye ndi ndevu, zisononkho zimadzakhala ndi njere za apo ndi apo.

Choncho kudimba musadikire kuti masamba apinde m'mawa kuti muthirire. Kupinda kwa masana ndi chenjezo lokwanira. Kumunda wodalira mvula, kuphimbira ndi mapesi komanso manyowa zimasunga chinyezi, motero timabowo timachedwa kutsekeka.

Musanathirire, kumbani pang'ono muone dothi. Madzi akadikha m'munda, mizu imasowa mpweya n'kulephera kuyamwa, ndipo timabowo timatsekekanso. Mbewu yofota pa dothi lonyowa ikufuna ngalande yochotsa madzi.